PG-13, 12A kapena 13 VL: tikhulupirire chizindikiro chiti mwana asanaonere filimu?

Filimu imodzi yomweyo kwathu kuno ku Dzivarasekwa, mu Harare ku Zimbabwe, imatha kulowa m'nyumba itavala mayina anayi. Pa dikoda ilembedwa nambala ina ndi timalemba kutsogolo kwake, pa Netflix ibwera ndi 13+ kapena 16+, pa chikuto cha DVD yogula ku Mbare pali PG-13, ndiye ikabwera pa fulashi kuchokera kwa anyamata okopera mafilimu aja pa mashopu ilibe olo kachizindikiro kamodzi, ndi dzina basi, mwinanso dzinalo lolakwika. Ine ndili ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 14 ndi wamng'ono wa zaka 10, ndipo mlandu wa "adadi anzanga onse anaonera kale" ndimauweruza pafupifupi Lachisanu lililonse. Ndiye ndakhala ndikuyesa njira zingapo zodziwira ngati filimu ili bwino kwa mwana, zina zimagwira, zina zimangotinamiza makolo kuti tachitapo kanthu.

Poyamba tigwirizane chinthu chimodzi. Nambala ija siichokera kwa dokotala wa ana ayi. Amaika ndi kagulu ka anthu m'dziko linalake, amakhala pansi nkuonera filimu yonse, akulemba pamene pali kutukwana, pamene pali magazi, maliseche, chamba, zoopsa, kenako nkuyerekeza ndi malamulo awo. Ndiye nambala imakuuzani zomwe anthu a dziko limenelo amaopa kwambiri kuti ana awo aone. Zomwe amaopa ku Amerika sizomwe amaopa ku Faransa, ndipo onsewo sanafunsepo agogo awo a ana anga omwe anabwera kuno kuchokera ku Dedza kalekale ndipo kwa iwo anthu kungopsopsonana pa TV ndi nkhani yozimitsira magetsi.

Za ku Amerika, zomwe zili pa ma DVD ambiri

Izi ndi zija G, PG, PG-13, R ndi NC-17. Njira ya zizindikirozi inayamba mu 1968 ndipo si boma limaika, ndi bungwe la makampani opanga mafilimu omwewo, MPA, lomwe limalemba ntchito makolo wamba kuti azionera nkuvota. Palibe lamulo lokakamiza wopanga filimu kupititsa filimu yake kumeneko, kungoti masinema ambiri safuna kuonetsa filimu yopanda chizindikiro. PG-13 inabwera mochedwa, mu 1984, makolo atadandaula kuti mafilimu ngati Gremlins ndi Indiana Jones and the Temple of Doom anali ndi PG pamene munali zoopsa zosayenera tiana. Ichi mukumbukire mukamatenga mafilimu akale. Jaws ya 1975, ya nsomba yodya anthu ija, ku Amerika mpaka pano ndi PG chifukwa nthawi imeneyo pakati pa PG ndi R panalibe kanthu. Ndiye PG ya 1975 ndi PG ya chaka chino ndi anthu awiri osiyana ongofanana dzina.

Chomwe chimasokoneza ambiri ndi choti PG-13 siletsa aliyense. Mwana wa zaka 8 atha kugula tikiti nkulowa, chizindikirocho chikungochenjeza makolo mwamphamvu basi. R ndiye imati wosakwana zaka 17 abwere ndi kholo kapena wamkulu womuyang'anira, NC-17 ndiye chitseko chotseka kwa ana onse.

Kufooka kwa njira ya ku Amerika nkoti imawerenga mawu otukwana ngati akuwerenga ndalama koma ziwawa imaziyang'ana ndi diso limodzi. Liwu lalikulu lotukwana lija loyamba ndi f likatuluka kamodzi filimu itha kukhalabe PG-13, likabwerezedwa kawirikawiri imapita ku R. Koma anthu atha kuwomberedwa makumi angapo, bola magazi asaoneke kwambiri, filimu ikhalabe PG-13. Ndipo poti PG-13 ndiyo imabweretsa ndalama zambiri, opanga mafilimu amadziwa bwino pomwe malire ali, amajambula chiwawa chofika pa mzere weniweni nkuchotsa kamera sekondi imodzi mpeni usanalowe.

Za ku Britain

Kumeneko kuli BBFC, bungwe lakale ndithu, la 1912. Zizindikiro zake ndi U, PG, 12A, 12, 15 ndi 18. Apa nambala ili ndi mano. Filimu ya 15 wosakwana zaka 15 salowa mu sinema olo abwere atagwirana dzanja ndi bambo ake, chimodzimodzi 18. 12A yokha, yomwe inayamba mu 2002, ndiyo imalola mwana wosakwana 12 kulowa ali ndi wamkulu. Amanenanso poyera kuti U aganizira mwana wa zaka 4 kupita mtsogolo, PG aganizira wa zaka pafupifupi 8, zomwe zimandithandiza kwambiri chifukwa PG payokha siuza munthu zaka.

Ine mwa onse ndimawakonda awa, osati chifukwa ndi okhwima kuposa ena koma chifukwa amaona nkhani yonse, amafunsa kuti chinthucho chachitika bwanji komanso mwana chimutsalira bwanji mumtima. Chitsanzo chake ndi The King's Speech ya 2010, ya mfumu yachibwibwi ija. Muli malo pomwe mfumu ikutukwana motsatizana pophunzira kulankhula bwino ndi mphunzitsi wake. Ku Amerika anawerenga mawuwo nkuipatsa R, chizindikiro chomwenso amapatsa mafilimu odula anthu mitu. Ku Britain anayamba aipatsa 15, eni filimu atadandaula anaiunikanso nkutsitsa kufika 12A poti kutukwanako sikunali kutukwana munthu, kunali ngati mankhwala a chibwibwi. Filimu imodzi, ku Amerika mwana wa zaka 16 afunika kholo, ku Britain wa zaka 12 alowa yekha.

Chinanso amafunsa anthu a m'dziko mwawo pakapita zaka zingapo nkusintha malamulo, ndiye mafilimu akale amawaonanso. Mary Poppins ya 1964 inali U kwa zaka zambirimbiri, mu 2024 anaikweza kufika PG chifukwa cha liwu lonyoza anthu akuda lomwe kale sankaliona ngati vuto.

Za ku Joni, zomwe tazizolowera pa dikoda

Ku South Africa kuli FPB, bodi younika mafilimu yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndipo ili ndi masitepe ambiri kumunsi: A, PG, 7-9PG, 10-12PG, 13, 16, 18, kenako X18 ya zolaula. Ubwino wake waukulu ndi timalemba tija totsatira nambala. V ndi ziwawa, L ndi kutukwana, S ndi zogonana, N ndi maliseche, D ndi mankhwala ozunguza bongo ndi mowa, H ndi zoopseza, P ndi tsankho, SV ndi kugwiririra. Pa DStv nambala zake sizifanana ndendende ndi za FPB, mupezako PG13 ndi zina, koma V, L, S ndi N zija tanthauzo ndi lomwelo. Ambiri timaona 16 nkusiya pomwepo, pamene 16 V ndi 16 SNL ndi mafilimu awiri osiyana kutalitali, ina ndi ya nkhondo, inayo ndi ija mumayamba kusaka rimoti mwamanyazi apongozi ali pampando.

Koma musaganize kuti poti ndi aneba athu ndiye nambala zawo sizigwedezeka. Filimu ya Inxeba, yokamba za anyamata achiXhosa kuchinamwali kuphiri komanso amuna okondana okhaokha, poyamba inapatsidwa 16. Magulu osunga chikhalidwe atadandaula, mu 2018 bwalo lomva madandaulo la FPB linaikweza kufika X18, ndiye kuti inachotsedwa m'masinema wamba ngati filimu yolaula, kenako khoti lalikulu ku Pretoria linathetsa chigamulo chimenecho chaka chomwecho. Filimuyo sinasinthe olo sekondi imodzi, chinasintha ndi amene anakhala pampando. Ife Achewa mkwiyo wake tikuumvetsa, tangoganizani munthu atajambula zakudambwe nkuzionetsa mu sinema, koma taonani kuti X18 ija sinkayankha funso loti mwana wa zaka 16 angapirire kapena ayi, inkayankha funso lina, loti zachinsinsi zionetsedwe kapena zisaonetsedwe.

Nanga kuno ndi kumudzi?

Kuno ku Zimbabwe kuli bodi younika mafilimu pansi pa unduna wa zam'dziko, lamulo lake ndi la 1967, nthawi ya Rhodesia. Ku Malawi lamulo lofanana nalo linabwera mu 1968 nthawi ya Kamuzu. Malamulo onsewa anabadwa ndi mtima woletsa ndi kudula, osati wofotokozera makolo zomwe zili mkati. Fifty Shades of Grey ya 2015 ikuonetsa bwino kusiyana kwake: ku Faransa anaipatsa 12, ku Amerika R, ku Britain 18, ku Kenya anailetseratu, kuno bodi inati idulidwe kaye malo ena. Afaransa maliseche ndi zachikondi saziona ngati ngozi yaikulu kwa wachinyamata, ndiye mukaona 12 ya ku Faransa pa chikuto musaiwerenge ngati 12 ya ku Britain. Ndipo bodi ya kuno mphamvu yake imathera pa chitseko cha sinema, zomwe mwana akuonera pa foni ya msuweni wake ku Mufakose bodi sikuzidziwa.

Tiyese ndi filimu imodzi

Wamng'ono wanga uja, wa zaka 10, anabwera ndi The Dark Knight ya 2008 pa fulashi. Mfundo yake inali yamphamvu ndithu, akuti adadi ndi Batman, yemwe uja ali pa chikwama changa cha kusukulu. Ndiye tiyeni tiidutse mu njira zonse muone yomwe ikuthandiza.

Njira yoyamba, yongokhulupirira nambala. Ku Amerika ndi PG-13, ku Britain ndi 12A, ku Jeremani komwe amagwiritsa 0, 6, 12, 16 ndi 18 anaipatsa 16. Ndikanaona chikuto cha ku Britain chokha ndikanati mwana watsala zaka ziwiri zokha, komanso 12A imalola ali ndi wamkulu, ndiye aonere ine ndili pompo. Koma kusiyana kwa 12 ndi 16 ndi belu lochenjeza. Ndazindikira kuti maiko akagwirizana, mwachitsanzo onse ali pa 12 kapena 13, nambalayo mutha kuidalira. Akasiyana ndi zaka zitatu kapena zinayi ndiye kuti muli chinachake chomwe ena achiona chachikulu ena achiona chaching'ono, ntchito yanu ndi kupeza kuti nchiyani. Kawirikawiri ngati Amerika ndiyo yakwera kuposa anzake vuto ndi kutukwana kapena maliseche, ngati Jeremani kapena Britain ndiyo yakwera vuto ndi ziwawa kapena nkhanza. Izi mumaziona malo amodzi pa webusaiti ya mafilimu ya IMDb, mukatsegula filimuyo nkupita pa `Parents guide` pali mndandanda wa zizindikiro za maiko osiyanasiyana. Deta yake ndi yochepa, ndi malemba okhaokha.

Njira yachiwiri, yowerenga mawu ali pambali pa nambala. Pa PG-13 ya filimu imeneyi analemba kuti muli ziwawa zamphamvu ndi kuopseza, za kugonana ndi kutukwana sanatchule. Apa nkhani yayamba kuoneka. Kwa banja lomwe nkhawa yake ndi zamanyazi basi, filimuyi ndi yoyera, mutha kuonera ndi abusa. Kwa mwana wanga yemwe akaona zoopsa usiku amabwera kudzagogoda kuchipinda kwathu, mawu oti kuopseza aja ndiye ofunika kuposa nambala. Kuipa kwa njirayi nkoti mawuwo ndi aafupi kwambiri. Ziwawa zamphamvu zitha kukhala magalimoto kugundana, zithanso kukhala munthu kuzunzidwa atamangidwa pampando, V ndi V basi.

Njira yachitatu, yowerenga zomwe ena analemba mwatsatanetsatane. Pa `Parents guide` paja agawa zinthu m'magulu asanu: zogonana ndi maliseche, ziwawa ndi magazi, kutukwana, mowa ndi fodya ndi mankhwala, kenako zoopsa ndi zothina mtima. Gulu lililonse ali ndi muyeso wake kuyambira `None` mpaka `Severe`, ndipo pansi pake anthu amalemba chochitika chenicheni. Apa ndi pomwe mumakumana ndi zomwe nambala inabisa: Joker, mdani wa Batman, akumenyetsa mutu wa munthu pa pensulo yoimika patebulo, akuika mpeni mkamwa mwa munthu uku akufotokoza m'mene anapezera zipsera zake, munthu wosokedwa foni ya bomba m'mimba, nkhope ya Harvey Dent yopsa mbali imodzi mpaka mano ndi minofu kuonekera, ndipo kumapeto mfuti ikulozedwa pamutu pa kamnyamata bambo ake akuona. Magazi ndi ochepa zedi, nchifukwa chake inapulumuka R. Koma kwa mwana wa zaka 10 kamnyamata kaja ndi iyeyo. Ku Britain komweko makolo ambiri anadandaula ku BBFC chaka chimenecho kuti 12A inachepa.

Njirayi ndiyo ndimaidalira kwambiri koma ili ndi minga yake. Olemba pa IMDb ndi anthu wamba, aliyense atha kulemba, ena amakokomeza ena amachepetsa, ndiye ine muyeso wa `Moderate` kapena `Severe` sindiulabadira kwenikweni, ndimawerenga zochitikazo nkuweruza ndekha. Webusaiti ya BBFC nayo imafotokoza chifukwa chomwe anaperekera nambala, mwachidule koma molongosoka poti olemba ndi omwe anaunika filimuyo. Kulinso Common Sense Media ya ku Amerika yomwe imapereka zaka chimodzichimodzi, 9+, 11+, 14+, koma ukawerenga zingapo imayamba kufuna ndalama, komanso maganizo ake ndi a makolo a kumeneko. Vuto lina, mumadziwiratu m'mene filimu ithere, ngati nanunso mumafuna kuionera mwadziphera nokha. Ndipo zonsezi zili m'Chingerezi, mayi anga sangazigwiritse ntchito ana akakhala kwawo.

Vuto lalikulu kuposa onsewa nkoti mafilimu omwe ana athu amaonera kwambiri masana mulibemo. Za ku Nigeria, madirama a kuno a pa YouTube, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa aja abale amatitumizira kuchokera ku Lilongwe, ambiri simuwapeza pa masamba amenewa. Ndipo filimu ya ku Nigeria itha kukhala yopanda kutukwana, yopanda maliseche, koma muli sing'anga akupereka mwana nsembe kuti munthu alemere. Mzungu wounika atha kuona ngati nthano chabe, koma mwana yemwe amamva akuluakulu akukamba za ufiti ngati zinthu zochitika pa mseu wathu womwe uno saonera ngati nthano. Palibe chilembo cha zimenezo.

Njira yachinayi, yoonera kaye nokha. Iyi ndiyo yoona kuposa zonse poti mwana wanu mumamudziwa ndinu. Koma The Dark Knight ndi maola awiri ndi theka, munthu wabwera pa kombi wotopa, magetsi abwera 10 koloko usiku, ndani angachite zimenezo pa filimu iliyonse? Ena amati ndimangothamangitsa ndikuona mwa apo ndi apo. Ndinayesapo, siigwira. Za pensulo zija zimatenga masekondi awiri kapena atatu, mukamadumpha mphindi zisanuzisanu simuziona, komanso kuopsa kwa Joker kuli m'mawu ndi kudikira kuja, zomwe sizimveka ukamathamangitsa. Ine njirayi ndimaisungira mafilimu opanda chizindikiro chilichonse komanso osapezeka pa intaneti, ndipo pamenepo ndimaonera mphindi 20 zoyamba bwinobwino ndi mphindi 20 zomaliza, poti kumapeto ndi komwe amasungira zoopsa zenizeni. Si njira yangwiro, zapakati zitha kukudutsani.

Pali kanjira kena kapakati, koonera limodzi rimoti ili m'manja. Pa zamanyazi imathandizako poti mumaziona zikubwera, nyimbo yasintha, chitseko chatsekedwa, mwadumpha. Pa zoopsa simungathe, mukamadzakanikiza batani mwana waona kale.

Maloko a PIN, njira yachisanu

Iyi ndi yosiyana ndi zinazo chifukwa simuweruza filimu imodzi, mukuika mpanda umodzi wa zonse. Pa dikoda ya DStv mumapita ku `Settings` kenako `Parental Control`, nkusankha nambala yomwe kupyola pamenepo pafunike PIN, muthanso kutseka tchanelo chonse. PIN yobwera nayo dikoda ndi `1234` ndipo mwana aliyense wa giredi 4 amaidziwa, ndiye ngati simunaisinthe palibe chomwe mwatseka. Pa Netflix mwana aliyense mumamupangira mbiri yake nkuika malire a zaka, muthanso kuletsa filimu inayake potchula dzina lake. Koma cholakwika chomwe ambiri timachita, ine ndemwe ndinachita kwa miyezi, ndi kukonza bwinobwino mbali ya mwana nkusiya ya akuluakulu yotsegula. Mwana amangobwerera pa chithunzi choyamba nkusankha nkhope ya adadi. Loko wofunika ndi `Profile Lock`, manambala anayi, pa mbali yanu inuyo. Mudziwa kuti mpanda wabooka mukaona pa mndandanda wa zomwe mwaonera pali zinthu zomwe simunaonerepo, kapena mwana wasiya kukupemphani kuti mumutsegulire.

Tsono loko amamvera nambala, ndipo taona kale kuti nambala ndi yotani. Mukaika malire pa 13 pofuna kuti wamkulu wa zaka 14 asamakuvutitseni, filimu iliyonse yolembedwa 13 idutsa kwa wa zaka 10 yemwe ali naye pa mpando umodzi, kuphatikizapo zija zofika pa mzere weniweni. Mukatsitsa kufika PG wamkulu uja ayamba kukaonera kwa anzake komwe simuona chilichonse. Pa dikoda imodzi ya pabalaza palibe yankho labwino, ine ndinaika pa 13 nkumuuza wamkulu kuti zake za pamwambako azionera mng'ono wake akagona, PIN ndimalowetsa ndine. Ndipo loko sadziwa kanthu za fulashi, memori kadi, kapena filimu yotumizirana pa foni. M'makomboni mwathu muno njira zimenezi ndiye zikuluzikulu.

Palinso msampha wina pa ma DVD ndi mafulashi. Filimu imodzi imakhala ndi mitundu ingapo. The Hunger Games ya 2012 ku Britain anachotsamo masekondi pafupifupi 7 a magazi kuti ipeze 12A mu sinema, yosadula inapatsidwa 15. Ndiye mutha kuwerenga 12A pa intaneti pamene yomwe ili pa fulashi ndi inayo. Mukaona pa dzina la fayilo kapena pa chikuto mawu oti `Unrated`, `Uncut`, `Extended` kapena `Director's Cut`, nambala yomwe mwawerenga ija mwina si ya chinthu chomwe muli nacho m'manja. `Unrated` ena amaganiza kuti ndiye kuti ilibe vuto, ayi, ndiye kuti mtundu umenewo sunapite kokaunikidwa, ndipo kawirikawiri abwezeramo zomwe anachotsa kuti apeze nambala yotsika.

Ndiye iti?

Zimatengera msinkhu ndi komwe filimu yachokera. Kwa mwana wosakwana zaka 8 ine ndingati loko ndi nambala zikukwanira, U, G kapena A, poti kumunsi kuno maiko sasiyana kwambiri, kungosamala ndi mafilimu akale aja. Kwa wa zaka 15 kupita mtsogolo loko ndi wongodzisangalatsa, amadziwa foni kuposa inu, chomwe chatsala ndi kuwerenga timalemba nkukambirana naye, makamaka pakakhala SV kapena nkhani zodzipha. Pomwe pamafunika ntchito yeniyeni ndi pakati apa, zaka 9 mpaka 13, chifukwa ndi pomwe pali PG-13, 12A ndi 13, dengu lalikulu lomwe muli zoseketsa za banja lonse pamodzi ndi Joker ndi mpeni wake. Pa msinkhu umenewu ndimachita zitatu motsatana ndipo sizipitirira mphindi zisanu: ndione nambala za maiko atatu kapena anayi ngati zikugwirizana, ndiwerenge gulu limodzi lokha lomwe ndikudziwa kuti mwana wanga limamuvuta, kwa wamng'onoyu ndi la zoopsa, kenako ndione dzina la fayilo ngati ndi mtundu womwewo.

Mkazi wanga sagwirizana nane pa zonse, iye amati ndimachepetsa za kutukwana, akuti mwana akamva liwu kamodzi mawa alinena kusukulu ndipo oitanidwa ndi aphunzitsi ndi iyeyo osati ine. Ali ndi mfundo. Ndiye kwathu L amaweruza ndi iye, V ndi H ndimaweruza ndine, S ndi N agogo anaweruza kalekale.

Za Batman zija ndinamuuza mnyamata kuti ayi, adikire afike zaka 13, ndipo ndinamuuza chifukwa chake, kuti muli munthu wopsa nkhope komanso mwana woopsezedwa ndi mfuti ndipo sagona. Anakwiya madzulo onse, nsima anadya atayang'ana kukhoma. Tinagwirizana kuti aonere The Lego Batman Movie ya 2017, yomwe ndi PG ku Amerika, U ku Britain, ndipo fulashi ija ndinaisunga m'thumba la jekete yanga ya kutchalitchi, komwe mpaka lero sanaganizeko zofufuza.